Chosema Chamwala: Chakale Kapena Chadzulo?

M'chaka cha 1897, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum ku London idagula chigaza cha munthu chosemedwa pa nsangalabwi woonekera mkati ngati galasi. Idachigula ku kampani ya Tiffany ya ku New York, ndipo chidafika ndi mbiri yakuti chidasemedwa ndi Aaziteki, mtundu umene unkalamulira ku Mexico Asipanishi asanaugonjetse mu 1521. Anthu ambirimbiri adapenya chigazacho kwa zaka zochuluka akukhulupirira kuti akuona luso la makolo a ku Mexico. Lero nyumba yomweyo imanena poyera kuti chigazacho si cha Aaziteki ayi, chidapangidwa m'zaka za m'ma 1800. Palibe amene adaulula mlanduwo. Chidaulula ndi timizere tosaoneka ndi maso timene chida cha mmisiri chidasiya pakati pa mano a chigazacho.

Anthu ambiri amaganiza kuti asayansi ali ndi makina amene amangoikapo mwala n'kutchula zaka zake. Njira yotchuka yoyeza kaboni imagwira ntchito pa zinthu zimene zidakhalapo ndi moyo, monga makala, fupa, mtengo kapena nsalu. Mwala sunakhalepo ndi moyo. Ndipo ngakhale mutadziwa msinkhu wa mwalawo, simunapeze kanthu, popeza mwala umene mmisiri wasema dzulo ndi wa zaka mamiliyoni ambiri, chimodzimodzi umene adasema Mgiriki wakale. Chimene tikufuna kudziwa ndi nthawi imene mwalawo udavulazidwa ndi chida. Pa funso limeneli pali mboni zitatu: mapazi a chida, chilemba chimene mvula ndi nthaka zimasiya, ndi zimene dzanja limamva. Mboni iliyonse payokha ikhoza kunamizidwa. Chilungamo chimaoneka zitatuzo zikagwirizana.

Mapazi a chida

Chida chilichonse chimasiya phazi lakelake. Tchizulo yosongoka ikamenyedwa choimika imasiya timaenje, ikamenyedwa chopendeketsa imasiya ngalande zazitali. Tchizulo ya mano imasiya timizere tinayi kapena tisanu toyenda limodzi. Tchizulo yafulati imasiya malo osalala okhala ndi timasitepe ting'onoting'ono pamene nyundo idagunda. Tupa imasiya zokandakanda zopingasana. Aigupto akale posema miyala yolimba ankasinja ndi mibulu ya mwala wina wolimba kuposa, ndipo yambiri mwa mibuluyo ikadali pamalo okumbira miyala ku Aswan. Pocheka ndi poboola ankagwiritsa ntchito mkuwa pamodzi ndi mchenga, ndipo chimene chinkadya mwalawo ndi mchengawo.

Chinthu chimodzi chimagwirizanitsa zida zonse zoyendetsedwa ndi mkono: mkono umatopa, umasintha mbali, umagunda mwamphamvu pano n'kufooka apo. Mizere yake siifanana kuya ndipo siitalikirana mofanana. Makina alibe zimenezo. Nyundo yoyendera mpweya imasiya timabala tosaya tothithikana, tofanana ndendende. Chimbale cha girayinda chimasiya timizere topindika ngati uta, ndipo m'makona amkati nthawi zambiri chimapitirira pang'ono malire a mmisiri, chifukwa chinthu chozungulira sichingaime chimodzimodzi pansi ndi pamwamba pa mzere. Bowo la chiboolero chamagetsi limakhala loongoka, lofanana kukula kuyambira pakamwa mpaka pansi. Bowo la mkanda wakale kawirikawiri limakhala lotambalala kukamwa, lopanikizika pakati, chifukwa mmisiri ankaboola kuchokera mbali zonse ziwiri kuti mabowo akumane, ndipo nthawi zina sankakumana bwinobwino.

Kuti muone zimenezi simufunika zambiri. Zimitsani magetsi, gwirani tochi chammbali kuti kuwala kukwawe pamwamba pa mwala, ndipo kamzere kalikonse kadzaonetsa mthunzi wake. Galasi la m'manja lokulitsa zinthu kakhumi limathandiza kwambiri. Musataye nthawi pamphumi kapena patsaya, pamene mmisiri adasalaza mosamala. Yang'anani kuseri kwa makutu, pakati pa zala, m'mizere ya tsitsi, kunsi kwa tsinde. Kumeneko n'kumene sandipepa safika, ndipo mapazi a chida amatsala osafafanizidwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmene chigaza chidagwidwira

Mu 1992 nyumba ya Smithsonian ku Washington idalandira papositi chigaza china cha nsangalabwi, chachikulu kuposa mutu wa munthu, cholemera makilogalamu pafupifupi 14. Wotumiza sadadzitchule dzina, adangolemba kuti n'cha Aaziteki ndipo chidagulidwa ku Mexico mu 1960. Katswiri wa pamalopo, Jane MacLaren Walsh, adachikayikira, ndipo adagwirizana ndi Margaret Sax ndi anzake a ku British Museum kuti zigaza ziwirizi zipimidwe limodzi.

Choyamba adafunsa funso limene aliyense ayenera kuyamba nalo: kodi mwalawu ndi wolimba motani, ndipo anthu a nthawiyo adali ndi chiyani choudulira? Pa muyeso wa Mohs, umene umayambira 1 kulekeza 10, chikhadabo chili pa 2.5, mpeni wachitsulo uli cha pa 5.5, nsangalabwi ali pa 7, ndipo dayamondi ali pa 10. Ndiye kuti ngakhale mpeni sungakande nsangalabwi. Amisiri a ku Mexico wakale ankamusema pomukwecha ndi mchenga wolimba pogwiritsa ntchito mwala, mtengo, fupa kapena mkuwa, mkono ukupita uku ndi uku. Gudumu lodulira miyala adalibe.

Chachiwiri adafuna chinthu chodalirika choyerekeza nacho. Adatenga zinthu za nsangalabwi zimene akatswiri adafukula okha pansi, monga chikho cha m'manda a ku Monte Albán ndi mikanda ya pakachisi wamkulu wa Aaziteki mumzinda wa Mexico. Popeza chigaza sichingalowe m'maikulosikopu yamphamvu, adamata silikoni, wonga amene madokotala a mano amadindira nkhama, m'mizere ya mano ndi m'maenje a maso. Silikoniyo atauma adamumatula ali ndi chidindo cha kamzere kalikonse, n'kumuika m'makinamo.

Kusiyana kudaonekeratu. Pa chikho ndi mikanda, zokanda zidali zosokonekera, zina zakuya zina zosaya, zopingasana monga mkono umachitira. Pa zigaza, timizere tidali toyenda limodzi mwandondomeko, ndipo pansi pa ngalande zolekanitsa mano padali popindika, kusonyeza kuti chidadula ndi chimbale chozungulira mwaliwiro chothiridwa mchenga wolimba kwambiri. Umboni wina udawonjezereka. Tizinthu tobiriwira totsekeredwa mkati mwa chigaza cha ku London tidasonyeza kuti mwalawo udachokera ku Brazil kapena ku Madagascar, kutali ndi kumene Aaziteki ankachita malonda. M'kabowo ka chigaza cha ku Washington mudapezeka kabolandamu, mchenga wonolera wopangidwa m'fakitale, umene udayamba kupangidwa m'ma 1890. Zikalata nazo zidaonetsa kuti chigaza cha ku London chidadzera m'manja mwa Eugène Boban, Mfalansa wogulitsa zinthu zakale, ndipo palibe cholembedwa chonena kumene chidafukulidwa. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2008.

Taonani kuti gudumu palokha si mlandu. Amisiri a zidindo a ku Mesopotamiya ndi a ku Roma ankadulira miyala pa timagudumu kalekale. Mlandu ndi gudumu pamalo ndi pa nthawi imene kudalibe gudumu. Choncho wopima ayenera kudziwa zida za mtundu umene chosemacho chikunenedwa kuti chidachokerako. Ayeneranso kusamala ndi zosema zakale zimene zidakonzedwa pambuyo pake. Mu 1937 ndi 1938, antchito a ku British Museum komweko adapala zina mwa zosema za kachisi wa Parthenon wa ku Atene ndi zida zamkuwa ndi kabolandamu pofuna kuti ziyere. Zosemazo n'zakale ndithu, za m'ma 400 Yesu asanabadwe, koma zili ndi zipsera zatsopano. Funso lofunika ndi lakuti: phazi latsopanolo lili pamwamba pa khungu lakale, kapena ndilo lidaumba chinthucho?

Chilemba cha mvula ndi nthaka

Nsangalabwi sasintha msanga, choncho pa zigaza zija mboni yachiwiri idalibe zambiri zonena. Miyala yofewa monga mabo ndi mwala wa laimu ndiyo imasunga bwino mbiri ya nyengo. Madzi amvula amakhala ndi asidi pang'ono amene amasungunula mwala wotere pang'onopang'ono. Makona akuthwa amabulungika, pamwamba pamayamba kukhakhala ngati shuga, ndipo mitsempha yolimba ya mwalawo imatsala yotukuka pamene yofewa yadyeka.

Nyengo siidya mofanana ponseponse, ndipo pamenepa m'pamene wonyenga amapunthwa. Chosema chimene chidaima pabwalo chimadyeka pamutu, pamapewa ndi mbali yochokera mvula, pamene kunsi kwa chibwano ndi m'khwapa mumaunjikana litsiro lakuda chifukwa madzi safikamo kukatsuka. Chimene chidakwiririka chimasiyana mbali imene idagonera pansi ndi imene idayang'ana kumwamba. Chimatha kukhala ndi timizere ta mizu ya zomera ndiponso nkhanambo yolimba ya laimu imene siichoka ndi madzi. Wonyenga akamiza chosema m'asidi, asidiyo amadya paliponse mofanana, pamutu ndi m'khwapa momwe. Akapaka tiyi, dzimbiri kapena dothi losakaniza ndi guluu, mtunduwo umakhala pamwamba pokha ndipo umadzadzana m'ngalande ngati utoto.

Chofunika kwambiri ndi kutsatira zimene zidayamba ndi zimene zidatsatira. Pa chosema chakale, chida chidayamba, nyengo idabwera pambuyo. Ndiye kuti mkati mwa ngalande muyenera kukhala modyeka ndi mothimbirira ngati panja pake. Mukaona mwala wothimbirira koma mizere yake yoyera ndi yakuthwa m'mbali, dziwani kuti wina adatola mwala wakale n'kulembapo posachedwa. Pothyoka napo pamalankhula. Mkono umene udathyoka kalekale umakhala wobulungika ndi wothimbirira pothyokapo. Umene wathyoledwa dala umaonetsa timibulu toyera tonyezimira. Nyale yoyesera ndalama, imene amawalitsira ndalama zapepala kubanki, imathandizanso pa mabo. Posemedwa chatsopano pamaoneka pofiirira mofanana, pamene khungu lakale limaoneka la mawangamawanga otuwa ndi achikasu, ndipo pomatidwa ndi guluu pamawala mosiyana.

Chitsanzo chosavuta ndi chimphona cha ku Cardiff m'chigawo cha New York, chifaniziro cha mamita atatu chimene chidafukulidwa mu 1869. Ena ankati ndi munthu wosanduka mwala, ena ankati n'chosema chakale. Mwini chinyengocho, George Hull, adachithira asidi n'kuchibaya ndi masingano kuti chioneke ngati chili ndi khungu. Katswiri wa ku yunivesite ya Yale, Othniel Marsh, adaona kuti mwalawo ndi jipisamu, umene umasungunuka m'madzi, koma mapazi a tchizulo adali akadali akuthwa. Zikadatheka bwanji kuti mwala wotere ukhale zaka mazana m'nthaka yonyowa mapaziwo osafafanizika? Chidali chitakwiriridwa chaka chimodzi chokha.

Komabe mboni imeneyi ili ndi malire, ndipo nkhani ya nyumba ya Getty ku California imaonetsa zimenezi. Mu 1985 nyumbayo idagula ndi mamiliyoni ambiri a madola chifaniziro cha mnyamata choimirira, cha mabo, chotalika mamita awiri, chonenedwa kuti n'cha Agiriki a m'ma 530 Yesu asanabadwe. Katswiri wa miyala, Stanley Margolis, adapeza kuti mwalawo ndi wa dolomaiti wochokera pachilumba cha Thasos, ndipo khungu lake lidasintha m'njira imene iye adakhulupirira kuti imatenga zaka mazana ambiri. Umboni umenewu udalimbitsa mtima ogula. Pambuyo pake zidadziwika kuti khungulo ndi la kashiyamu okizaleti, amene amatha kupangika ndi ndere pa zaka zambiri komanso amatha kupangidwa ndi mankhwala. Zikalata za mbiri yake nazo zidapezeka zabodza: kalata ina yolembedwa kuti ndi ya 1952 idali ndi nambala ya positi imene idayamba kugwira ntchito m'ma 1970. Akatswiri adakumana ku Atene mu 1992 koma sadamvane. Kwa zaka zambiri chifanizirocho chidaonetsedwa ndi chikwangwani chonena kuti mwina n'chakale, mwina n'chonyengezera, ndipo mu 2018 chidachotsedwa pamalo oonetsera.

Malire ena ndi akuti kuoneka chatsopano sikutanthauza kuti chinthu n'chatsopano. Chosema chimene chidatsekeredwa m'manda ouma a ku Igupto chimatha kutuluka chakuthwa ngati chasemedwa dzana, pamene mwala wofewa wosiyidwa pansi pa mtengo m'dziko la mvula yambiri umachita ndere ndi kuda m'zaka zochepa.

Zimene dzanja limamva

Nsonga ya chala imamva timabampu timene diso siliona, ndipo ogwira miyala tsiku ndi tsiku amadalira kwambiri zimenezi. Ganizirani mphero yakale ya kumudzi. Pakati pake, pamene mwanamphero wakhala akuyenda, m'posalala ndi polowa, koma m'mphepete ndi kunsi n'kokhakhala. Kutha kwenikweni kumatsata ntchito. Chosema chimene anthu akhala akuchigwira kwa mibadwo chimasalala pamalo otukuka amene dzanja limafikapo, monga mphuno, mawondo ndi zala zakumapazi, ndipo bowo lopisamo chingwe limadyeka mbali imodzi imene chingwe chinkakoka. Chikasalala mofanana paliponse, ngakhale m'malo amene dzanja silingafike, ndiye kuti adachisalaza ndi sandipepa kapena asidi.

Kuti timve bwino khungu la chosema chamakono, tipite ku Zimbabwe. Luso lamakono losema miyala kumeneko lidakula kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mudzi wa amisiri wa Tengenenge, kufupi ndi Guruve, udayambitsidwa mu 1966 pa famu ya fodya ya Tom Blomefield, ndipo ambiri mwa osema oyamba adali antchito ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Mmodzi mwa otchuka adali Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932. Amisiriwa amasema kwambiri mwala wa sepentini. Akatha ndi tchizulo ndi tupa, amakwecha ndi sandipepa ndi madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala kwambiri. Kenako amatenthetsa mwalawo pamoto, n'kuupaka phula loyera kuti lilowe m'timabowo take, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu mpaka uwale. Mwala umene udali wotuwa umasanduka wakuda bii kapena wobiriwira. M'dzanja umamveka woterera, dontho lamadzi limaima pamwamba osalowa, ndipo pokandika pamaoneka potuwa.

Zimenezi si chinyengo ayi. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo amisiri ambiri amalemba maina awo kunsi kwa chosema. Chinyengo chimayamba pamene wogulitsa wapakati afafaniza dzinalo, akwirira chosemacho m'matope n'kunena kuti chidachokera ku mabwinja a Great Zimbabwe. Wogula ayenera kudziwa kuti mbalame zamwala zodziwika zochokera m'mabwinjawo ndi 8 zokha, zidasemedwa pa mwala wofewa wotuwa mobiriwira, ndipo mbiri ya iliyonse idalembedwa kuyambira pamene yoyamba idachotsedwa mu 1889. Mbalame ya phula lonyezimira yokhala ndi timizere ta sandipepa m'mapiko ndi ya masiku ano, ngakhale itadzola matope otani.

Dzanja limagwiranso chinyengo china chofala, cha zinthu zimene si zosema n'komwe koma zoumbidwa m'chikombole ndi fumbi la mwala losakaniza ndi pulasitiki. Mwala weniweni umazizira m'manja ndipo umachedwa kufunda. Choumbidwa chimafunda msanga, nthawi zambiri chimapepuka, chimakhala ndi timabowo tozungulira ta thovu, ndipo chala chimatha kupeza kamzere kotukuka pamene mbali ziwiri za chikombole zidakumana.

Komabe dzanja ndi mboni yofooka kuposa zinzake, chifukwa limangomva zimene lidazolowera ndipo silingaonetse umboni wake kwa wina. Ntchito yake ndi kuloza pamene diso ndi galasi ziyenera kuyang'ana. Ndipo pa zinthu zosungidwa m'nyumba za zakale, alendo saloledwa kugwira, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimathimbiritsa mwala.

Chigamulo chimachokera kuti?

Mboni zitatuzi zimatha kutsutsa mwamphamvu kuposa kuvomereza. Phazi la makina pamalo amene adaumba chinthucho limathetsa nkhani. Koma kusowa kwa phazi lotere sikutsimikiza kuti chinthucho n'chakale, chifukwa nyundo ndi tchizulo zikadalipo ndipo mmisiri waluso akhoza kusema lero monga ankasemera akale. N'chifukwa chake umboni woposa wonse ndi malo amene chinthu chapezeka. Chosema chimene chafukulidwa mosamala, chili m'dothi lake pamodzi ndi makala, mafupa ndi mapale, chimapatsidwa zaka kudzera mwa zinthu zimene chagona nazo. Zigaza zija ndi chifaniziro cha ku Getty zidafika m'manja mwa ogula zopanda umboni umenewu, ndipo vuto lonse lidayambira pamenepo.

Choncho mukakumana ndi mwala wosemedwa kapena wolembedwa pamene mukulima, mukukumba maziko kapena mukuyenda m'phiri, musauzule, musautsuke ndi sopo kapena bulashi, ndipo musaukande ndi mpeni pofuna kuona mkati. Mukatero mukufafaniza umboni umene sungabwezeretsedwe. Ujambuleni pomwe ulipo, sungani bwino malowo, ndipo dziwitsani mfumu ya dera lanu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Ndipo wina akakutsatsani chosema n'kunena kuti n'cha makolo, mufunseni kumene chidapezeka, amene adachipeza ndi zikalata zake. Akalephera kuyankha, chioneni ngati ntchito ya mmisiri wa lero, ndipo mulipire mtengo woyenera ntchito ya lero.